Imelo ikakana kutseguka kuti fayilo ili "in use", musalipire munthu musanaone izi

Abale anga a ku Ntchisi, makamaka inu achinyamata amene mwamaliza kosi ya kompyuta ya miyezi itatu ndiye tsiku ndi tsiku mukundiimbira kuti ndikupezereni ya muofesi ku Lilongwe kuno, werengani izi mpaka pansi. Mwezi wathawu andidula K55,000 pa malipiro anga a K180,000, ndipo ikanapitirira ndithu kufika K175,000, chifukwa cha vuto loti kulikonza kwake sikufuna ngakhale sikuludilaiva.

Ndimagwira pa kaofesi kena ku Old Town, ine wa makotesheni ndi kuyankha makasitomala. Pondilemba ntchito anandiuza pakamwa kuti zida zikavuta ndi za ofesi. Kompyuta itayamba kuvuta mawu anasintha, akuti amene wakhala pampando ndi amene waononga. Papepala panalibe chilichonse cholembedwa ndiye ndikanatsutsa ndi chani.

Vuto lake linali ili. Ndikadina Outlook, m'malo motseguka inkatulutsa kabokosi kotchula fayilo `D:\Imelo\ofesi.pst` kenako mawu akuti `is in use and cannot be accessed`, pansi pake nkumati nditseke pulogalamu ina iliyonse imene ikugwiritsa ntchito fayiloyo. Ukayang'ana pa sikirini palibe chimene chatseguka. Tsiku lina imagwira bwinobwino, tsiku lina ayi.

Woyamba kubwera anali mnyamata wa pa kashopu ka mafoni ndi makompyuta cha ku Malangalanga. Pafoni anati kuyang'ana ndi ulere. Atafika anathimitsa kompyuta nkuyatsanso, imelo inatseguka, iye nkunena kuti ndi vayirasi ndipo akapanda kuika mankhwala ake zonse zipita. Antivayirasi K40,000, kuphatikiza K15,000 imene anaitcha yoyendera, yomwe pafoni paja sanaitchule ngakhale pang'ono. Risiti sanapereke. Sabata isanathe kabokosi kaja kanabweranso, kumuimbira foni sankayankha.

Wachiwiri ndiye amene amandipweteka mtima mpaka lero. Anati fayilo yaola. Anapanga akaunti ya imelo mwatsopano mu Outlook ya ine, inatsegukadi, koma munangobwera maimelo a masabata awiri okha. Makotesheni a zaka zitatu, ma adiresi a makasitomala, zonse mulibe. Akuti zinazo zatayika koma ali ndi pulogalamu yapadera yobwezeretsa, K120,000, theka lake patsogolo. Bwana anandiyang'ana ine.

Amene anandipulumutsa ndi mayi ena amene ali ndi kasiteshonale kufupi ndi kumene ndimachita lendi ku Area 25, amataipa ndi kupulinta, kale ankagwira ntchito muofesi. Nditawafotokozera sanafunse za vayirasi, anangoti, "Achimwene, kompyuta imeneyo mumalowamo anthu angati?" Ndinati awiri, ine ndi achemwali owerengera ndalama, aliyense ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Anati mawa mukafika muofesi musathimitse chilichonse, mundiimbire. Anabwera pa minibasi, ndipo zimene anandionetsa ndi zimene ndikulembazi.

Maimelo amene mumawaona mu Outlook amakhala mu fayilo imodzi yaikulu pa kompyutapo. Outlook ikatseguka imaigwira fayiloyo nkuikhoma kuti wina asalembemo nthawi yomweyo, chifukwa awiri akamalemba pamodzi ndiye kuti fayilo iwonongekadi. Ndiye uthenga uja sukunena kuti fayilo yafa, ukunena kuti muli wina kale. Zili ngati bafa la pa lendi, ukapeza chitseko chakhomedwa mkati suitana kalipentala kuti adzathyole, umagogoda kuti udziwe muli ndani.

Kugogoda kwake ndi uku. Dinani `Ctrl+Shift+Esc`, itseguka Task Manager, pitani pa `Details`, fufuzani `OUTLOOK.EXE`. Ngati inu simunatsegule imelo koma dzinalo lilipo, wakhoma fayilo ndi ameneyo. Yang'ananinso mzere wa `User name` chifukwa ndi umene umakuuzani kuti ndi ya ndani. Kwa ife, `OUTLOOK.EXE` inalipo, ndipo pambali pake panali dzina la achemwali aja. Pa `Users` panaonekanso maina awiri, langa ndi lawo, chikhalirecho iwo anali atapita kubanki. Akaunti yanu ikakhala yopanda mphamvu za admin mwina simuona zonse za mnzanu, pamenepo mutsegule Task Manager ndi `Run as administrator`.

Nkhani yonse inali pomwepo. Achemwaliwo amafika m'mawa kwambiri, amatsegula imelo kuona ma invoisi, akamatuluka amangodina `Windows+L` kuti wina asaone za ndalama. Kuteroko sikutseka mapulogalamu, zawo zonse zimakhala zikuyendabe kuseri. Ine ndikafika nkulowa ndi dzina langa, Outlook yanga imapita pa fayilo yomweyo ya pa `D:` chifukwa amene anatiikira kalekale anatilozetsa tonse pa fayilo imodzi kuti tizionera limodzi maimelo a ofesi. Masiku amene iwo sanatsegule imelo m'mawa, kapena magetsi akazima kompyuta nkuyaka mwatsopano, zinkayenda bwino. Nchifukwa chake mnyamata woyamba uja anaoneka ngati katswiri, kuthimitsa ndi kuyatsa kunatseka Outlook ya achemwali basi, palibenso china chimene anachita cha K55,000.

Mayi aja sanafune kuitseka mokakamiza Outlook ya munthu wina, anati mwina ali ndi imelo imene akulemba sanaitumize. Tinadikira achemwali abwere, analowa, anadina `File` kenako `Exit`, nkutuluka ndi `Sign out`. Apo fayilo ija inamasuka.

Nanga maimelo a zaka zitatu aja? Anali pomwepo, `ofesi.pst` ili phee pa `D:` ndi ma GB ake 6, palibe chimene chinaola. Wachiwiri uja anangondipangira fayilo ina yopanda kanthu nkusiya yakaleyo pambali. Akaunti yathu ndi ya mtundu wa POP, imene imakoka maimelo kuchoka pa seva kubwera pa kompyuta, ndipo Outlook mmene imabwerera imauza seva kuti izifufuta makope ake pakatha masiku 14. Ndiye fayilo yatsopano ikanapeza chani pa seva kupatula za masabata awiri? Munthu wogwira ntchito imeneyi amadziwa zimenezi, ine sindikhulupirira kuti sankadziwa. Mayi aja anayamba akopera fayiloyo pa fulashi Outlook zonse zili zotseka, kenako `File`, `Open & Export`, `Open Outlook Data File`, nkusankha `ofesi.pst`. Mafoda onse anabwerera kumanzere kuja. Anapempha K5,000 ndi ya minibasi, ndipo anandilembera pa kapepala zoti ndizichita ndekha.

Musaganize kuti zimachitika kwa okhawo ogawana kompyuta. Ngakhale muli nokha pa laputopu, nthawi zina mukatseka Outlook zenera limachoka koma pulogalamuyo imatsalira kuseri, makamaka netiweki ikamakoka pamene ikutumiza imelo yolemera, kapena pali kapulogalamu kena kolumikizidwa nayo kamene sikakuisiya. Inu nkudinanso, yatsopano ikupeza yakale idakagwira fayilo. Ena amangopinda laputopu madzulo nkumati athimitsa, pamene yangogona, m'mawa yotsalira ija ili pomwepo. Onaninso kumunsi kumanja pafupi ndi wotchi, ngati kachizindikiro ka Outlook kali pamenepo ndiye kuti siinatseke.

Ikakhala yanu yomwe yatsalira, musathamangire `End task`. Ipatseni mphindi ziwiri zitatu, muone pa `Processes` ngati `Disk` ndi `CPU` zake zafika pa 0, chifukwa kuidula ili mkati molemba ndi kumene kumaonongadi fayilo. Ikakhala yangouma osasuntha, ndiye itsekeni. Amene mumakonda kulemba, mu Command Prompt ndi izi, woyamba kuona, wachiwiri kutseka mokakamiza:

```
tasklist /fi "imagename eq outlook.exe"
taskkill /f /im outlook.exe
```

Ngati `OUTLOOK.EXE` palibiretu koma uthenga ukubwerabe, wagwira fayilo ndi wina, mwina pulogalamu yosunga makope kapena antivayirasi. Lembani `resmon` pa `Windows+R`, pa `CPU` pali malo olembedwa `Associated Handles`, lembanimo `.pst` ikuonetsani dzina la amene waigwira. Pokhapokha zonse zitatsekedwa, kompyuta mwaiyatsanso, koma Outlook ikudandaula za zolakwika mkati mwa fayilo, ndi pamene mungayambe kukamba zoti yawonongeka. Ngakhale pamenepo pali `SCANPST.EXE` imene imabwera kale ndi Office, siyogula, ndiye wina asakuuzeni za pulogalamu yapadera musanayese imeneyo.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi malekezero a dzina la fayilo imene yatchulidwa mu kabokosi. Mumva anthu akuti ingofufutani fayiloyo ipanganso ina yokha. Zimenezo nzoona pa `.ost`, chifukwa imeneyo ndi kope chabe la zimene zili pa seva, ngakhale kukokanso ma GB onsewo kudya bandulo yanu, komanso mafoda olembedwa `This computer only` sabwerera. Koma `.pst` ya akaunti ya POP ndiye nkhokwe yeniyeni, kwina kulibe. Wokonza akaifufuta kapena akafomata kompyuta osaikopera, zapita, ndipo adzakufunsani ndi abwana anu, iye atapita kale ndi ndalama. Munthu asagwire mausi musanaone ndi maso anu kuti fayiloyo yakoperedwa ndipo kukula kwake kukufanana ndi yoyambayo.

Panopa muofesi tinagwirizana kuti wochoka pampando azidina `Exit` ndi `Sign out`, osati kungokhoma sikirini. Mayi aja anati njira yokhalitsa ndi kusintha akaunti ikhale ya IMAP kuti aliyense akhale ndi fayilo yakeyake maimelo azikhala pa seva, koma bwana atamva kuti pafunika malo okwanira pa seva ndi bandulo yokwezera zakale zija anati tidikire.

K55,000 ija sanandibwezere. Ndinawaonetsa bwana zonse pa sikirini, anavomera kuti sinali vayirasi, koma akuti ndalama inapita kale kwa munthu ndipo risiti palibe. Lendi ya mwezi umenewo ndinachita kukongola, kumudzi sindinatumize kalikonse, amayi mundimvetse. Ndiye inu amene mukuona ngati ya muofesi ndi kukhala pa mpando wozungulira nkumalandira, dziwani kuti satifiketi yanu ya kutaipa siikutetezani kwa anthu amenewa, amaona nkhope kuti uyu wangofika kumene ndipo akuopa kuchotsedwa ntchito. Musanayambe ntchito, zoti zida zikavuta alipira ndani zilembedwe papepala asaine. Wokonza akabwera anene mtengo wonse asanakhale pansi, alembe risiti, ndipo akuonetseni pa Task Manager chimene wapeza. Akakana kukuonetsani, muuzeni adzipita.