Masheya 100 kapena kolo imodzi ya zaka ziwiri?

Pa misika ya ku Amereka, kontirakiti imodzi ya kolo, yomwe pa sikirini imalembedwa `Call`, imakupatsani ufulu wogula masheya 100 pa mtengo womwe mwagwirizaniratu, mpaka tsiku lomwe kontirakitiyo imatha. Makolo okhalitsa chaka kapena kupitirira amatchedwa `LEAPS`, ndipo ambiri amatha mu Januwale.

Tiyerekeze kuti sheya ili pa $200 ndipo imapereka dividendi ya $3 pachaka. Masheya 100 ndi $20,000. Kolo ya zaka ziwiri yogulira pa $140 ikugulitsidwa $72 pa sheya, kutanthauza $7,200. Poti $140 ili pansi kwambiri pa mtengo wa lero, koloyi imatsatira sheya pafupi: sheya ikakwera ndi dola, iyo imakwera ndi masenti pafupifupi 85. Nambalayi mudzaiona pa `Delta`.

Tsono funsani kuti $72 ija ikugula chiyani. $60 ndi kusiyana kwa 200 ndi 140, ndalama yooneka. $12 yotsalayo ndi malipiro a nthawi, ndipo imasungunuka pang'onopang'ono mpaka tsiku lomaliza. Ine ndimaiona ngati chiwongoladzanja: msika wakubwerekani $128, kusiyana kwa 200 ndi 72, kwa zaka ziwiri. Onjezanipo $6 ya dividendi, yomwe mwini kolo salandira, ikhala $18 pa $128, pafupifupi 7 peresenti pachaka. Nambala imeneyi ndiyo yoyerekeza ndi chiwongoladzanja chomwe $12,800 yotsala m'thumba ingakupezereni. Ambiri saiwerengera n'komwe.

Sheya ikafika $260 pakutha pa zaka ziwirizo, wa masheya wapindula $6,600 kuphatikiza dividendi, wa kolo $4,800 pa ndalama yochepa kwambiri. Apa kolo yawala. Ikangokhala pa $200, wa masheya ali ndi $600 yake, mnzake wataya $1,200 popanda chomwe chachitika.

Pa $130 ndiye pamene awiriwa amasiyanirana zenizeni. Wa masheya watsika ndi $6,400, koma katundu ali naye, akhoza kudikira zaka zisanu. Wa kolo $7,200 yonse yapita, ndipo sheya ikadzakwera mu Febuluwale iye sizimukhudza. Komabe ikagwa mpaka $80, kolo yamuteteza, chifukwa sangataye zoposa zomwe analipira.

Musanagule, yang'anani mpata wa pakati pa `Bid`, mtengo womwe ogula akupereka, ndi `Ask`, mtengo womwe ogulitsa akufuna. Pa makolo a mtengo wogulira wotsika chonchi umatha kukhala waukulu, ndipo $2 pa sheya ndi $200 pa kontirakiti.

Kwa ine kolo imalowa m'malo mwa masheya pokhapokha mutagula imodzi n'kusunga $12,800 ija pambali. Mukakopeka ndi kutchipa n'kugula zitatu pa $21,600, mwasenza masheya 300, ndipo sheya ikatsika ndi 30 peresenti kufika pa $140 pa tsiku lomaliza, simutsala ndi kalikonse.