Kokiteyilo yokhutchumula kapena ya tambula yaitali: bala yaing'ono idalire iti?

Mukamalemba mndandanda wa zakumwa pa bala yaing'ono, pali njira ziwiri zomwe zimalimbirana malo. Ina ndi yokhutchumula kachaso, mandimu ndi shuga pamodzi ndi ayisi, monga dayikiri. Inayo ndi yongothira kachaso mu tambula yaitali n'kudzaza ndi chakumwa cha gasi, monga jini ndi toniki.

Pa yokhutchumula ine ndimayeza mamililita 50 a ramu, 25 a madzi a mandimu ndi 20 a madzi a shuga, omwe ndimapanga posungunula kapu ya shuga mu kapu ya madzi. Ayisi akamasungunuka pokhutchumula amaonjezera madzi pafupifupi mamililita 25, ndiye ramu ya 40 peresenti imatsika kufika cha m'ma 17. Ya tambula yaitali, mamililita 50 a jini ndi 150 a toniki, imakhala pa 10 peresenti. Komatu mowa womwe walowa m'thupi ndi wofanana, ndipo botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula 15 konse kuwiri. Kusiyana kwa mtengo kuli pa zosakanizazo basi.

Yokhutchumula imakupatsani ufulu wokonza kukoma. Mukalawa n'kumva masaya akukokana, shuga wachepa, onjezerani mamililita 5. Ikamamata pa lilime ndipo simukulakalaka kumwanso, shuga wachuluka. Vuto lake ndi mandimu. Sawawasa mofanana, choncho muyenera kulawa tsiku lililonse, ndipo madzi ofinyidwa lero mawa amakhala atayamba kuwawa. Ine ndinkafinya ambiri madzulo aliwonse poopa kuperewedwa, theka n'kumathera mu sinki. Imadyanso nthawi, anthu asanu akaitanitsa pakamodzi mkono umachita kuuma.

Ya tambula yaitali ilibe zonsezo, mphindi imodzi yatha. Koma kutsekemera anakusankhirani kale ndi opanga toniki, inu mungangofinyiramo kachidutswa ka ndimu. Ndalama zimatayikira pa botolo lalikulu la toniki lomwe latsegulidwa n'kutha gasi.

Pa mokiteyilo, yomwe ndi kokiteyilo yopanda mowa, m'pamene ziwirizi zimasiyaniratu. Chotsani ramu mu dayikiri, mutsala ndi mamililita 45 a mandimu a shuga, zomwe palibe angalipire mosangalala. Pamafunika china cholowa m'malo mwa ukali wa mowa, monga tiyi wakuda wozizira wofulidwa mwamphamvu, mamililita 50, ndipo shuga mumuchepetseko. Ya tambula yaitali siivuta, chifukwa kuwawa kwa toniki kapena kuyabwa kwa jinja kumagwira kale ntchitoyo.

Pa zakumwa zisanu ndi zitatu, ine ndingaike zitatu za tambula yaitali, ziwiri zokhutchumula, ndi mamokiteyilo atatu ogwiritsa ntchito mandimu ndi madzi a shuga omwewo, kuti zomwe mwafinya zithe usiku womwewo.