Ndemanga ya ufa wa mapuloteni wa weyi: miyezi iwiri ndi mimba yofufuma

Chigubu cha makilogalamu 2 cha ufa wa mapuloteni wa weyi, wopangidwa kuchokera ku mkaka, wa mtundu umene amautcha konsentireti, ndinachigula m'sitolo ina ya m'tauni muno mu Mzuzu kumayambiriro kwa Juni, ndipo chatha sabata yapitayi. Pa nyenyezi zisanu ndikuupatsa zitatu. Ufawo umasungunuka bwino, kakomedwe ka vanila sikatopetsa, ndipo kasupuni ka m'chigubumo kamatenga magalamu 30 okhala ndi mapuloteni okwana magalamu 24, monga momwe chizindikiro chake chikunenera. Nyenyezi ziwirizo ndachotsa chifukwa cha malangizo olembedwa kumbuyo, akuti munthu azimwa masupuni awiri pa tsiku m'madzi kapena mumkaka, popanda liwu lililonse lochenjeza za zimene zimachitika m'mimba mwa munthu amene wangoyamba kumene.

Ndine bambo wa makilogalamu 72, ndipo ndisanayambe kunyamula zitsulo ndinkadya monga timadyera kwathu ku Chibavi: phala la mgaiwa m'mawa, nsima ya nyemba kapena usipa ndi mpiru masana, madzulonso chimodzimodzi. Nditawerengera mwachisawawa, mapuloteni anga anali pafupifupi magalamu 60 pa tsiku. Anzanga a ku jimu atandiuza kuti minofu imafuna zambiri, ndinasintha zonse tsiku limodzi. Ndinayamba kumwa masupuni awiri a ufawu, iliyonse m'kapu ya mkaka, kudya mazira asanu ndi limodzi, ndiponso nkhuku ndi mpunga woyera. Nyemba ndinazisiya poganiza kuti ndi ndiwo za munthu wosafuna kukula, mgaiwa nawo ndinausiya chifukwa ndinalibe malo m'mimba. Mwa njira imeneyi ndinalumpha kufika pa magalamu pafupifupi 140, pamene muyezo umene akatswiri ambiri a masewera amatchula kwa wonyamula zitsulo, wa magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ukanandipatsa magalamu 115 okha.

Pofika tsiku lachinayi lamba wa thalauza ndinali nditamubweza bowo limodzi, osati chifukwa cha minofu. Chimene chinanditengera nthawi kuzindikira n'chakuti mavuto anali awiri osiyana, ndipo lililonse linali ndi nthawi yake.

Loyamba linkabwera mofulumira. Ndikamwa kapu ya m'mawa cha m'ma 6 koloko, pofika 7 koloko, ndili m'minibasi kapena ndangokhala pa desiki ku ntchito, m'mimba munkayamba kulira ngati madzi a m'paipi, kenako mpweya wochuluka, masiku ena ndi kupotokola. Ameneyu anali shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi. Akuluakulu ambiri a kuno kwathu matupi awo sapanga mokwanira lakitezi, chinthu chimene chimaphwanya shugayu m'matumbo aang'ono, choncho amadutsa osagayika mpaka m'matumbo aakulu, kumene amakoka madzi ndipo tizilombo tokhala mmenemo timamuwiritsa n'kutulutsa mpweya. Zizindikiro zake zimaoneka pakati pa theka la ola ndi maola awiri munthu atamwa. Ine ndinkadziyesa wopirira mkaka chifukwa wa m'tiyi sunandivutepo, koma kamkaka kothira m'tiyi n'kochepa, pamene kapu yodzaza ya mamililita 250 imakhala ndi lakitozi pafupifupi magalamu 12, ndipo ine ndinkamwa makapu awiri, kuwonjezera wina wochepa amene amatsalira mu ufa wa konsentiretiwo. Ndinayesa mophweka: ndinasiya zonse masiku atatu, kenako ndinamwa ufawo m'madzi okha. Kulirako kunachepa kwambiri. Tsiku lina ndinamwa kapu ya mkaka wokha popanda ufa, ndipo ola lisanathe nyimbo ija inayambiranso. Apa ndiyenera kuuchitira chilungamo ufawu, chifukwa mlandu waukulu unali wa mkaka, ngakhale kuti chizindikiro chake ndicho chinandiuza kuti ndikhoza kuthira mumkaka.

Vuto lachiwiri linali lapang'onopang'ono, ndipo silinachoke nditasiya mkaka. Mimba inkakhala yolimba ndi yolemera tsiku lonse, makamaka madzulo, kuchimbudzi ndinkapita kamodzi pa masiku atatu, chimbudzi chake chouma, chotuluka timibulu ngati ta mbuzi, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati dzira lovunda. Amene anatulukira gwero lake ndi mayi a kunyumba, amene usiku wina akuchotsa mbale anati, "Bambo, chiyambireni ufa wanuwu, masamba mukungowasuntha ndi chala, ndipo nyemba ndikuphikira ana okha." Ananena zoona. Mazira, nkhuku, nsomba, mkaka ndi weyi zilibe faiba ngakhale pang'ono, ndipo mpunga woyera uli nayo yochepa kwambiri. Faiba ndi mbali ya chakudya cha ku zomera imene thupi siligaya, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya m'masamba, ndipo ndi imene imasunga madzi m'chimbudzi kuti chikhale chofewa ndi choyenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 pa tsiku. Kale ndinkafika pamenepo osadziwa n'komwe, koma tsopano ndinali nditatsikira cha m'ma 10. Chimbudzi chikachedwa m'matumbo mpweya umatsekeredwa kumbuyo kwake, ndipo mapuloteni amene sanagayike akafika m'matumbo aakulu muli faiba yochepa, tizilombo timawaphwanya iwowo n'kutulutsa mpweya wa salifa, umene ndiwo fungo la dzira lija. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi kunawonjezera, pakuti ludzu silimveka, ndipo botolo la madzi ndinkabwera nalo kunyumba lili theka.

Kenako ndinalakwitsa kachitatu, ndipo cholakwa chimenechi ndikufuna ogula ena achimve bwino chifukwa chimaoneka ngati nzeru. Nditamva kuti vuto ndi faiba, Loweruka lina ndinapita kumsika waukulu n'kubwera ndi nyemba, kabichi ndi nyama ya soya, ndipo ndinadya zonse mowirikiza masiku awiri, ufa uja ndisanauchepetse. Lamlungu ku tchalitchi ndinakhala pa benchi ya pafupi ndi khomo. Nyemba ndi soya zili ndi mitundu ya shuga, monga rafinozi, imene munthu aliyense sagaya, ndipo tizilombo ta m'matumbo tikailandira yambiri mwadzidzidzi timatulutsa mpweya wochuluka kuposa umene matumbo angauyendetse, makamaka njira ikakhala yotsekeka kale ndi chimbudzi chouma. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020 ndi akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, pa anthu 164 amene anapatsidwa chakudya cha faiba yambiri, anapeza kuti odandaula kufufuma kwa mimba anakwera kuchoka pa 18 mwa anthu 100 alionse kufika pa 33 pamene chakudyacho chinali cha mapuloteni ambiri, koma anafika pa 24 okha pamene chinali cha zakudya zokhutitsa zambiri. Kukweza faiba ndi mapuloteni nthawi imodzi, tsono, ndiko kumavuta kwambiri.

Chimene chinandithandiza ndi kubwerera m'mbuyo n'kumasintha pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Sabata yoyamba ndinkamwa theka la supuni m'madzi, mazira ndinatsitsa kufika pa atatu, ndipo ndinabwezera phala la mgaiwa m'mawa ndi masamba otendera masana, popanda nyemba. Madzi ndinasiya kudikira ludzu, ndinkaonetsetsa kuti malita awiri atha ndisanaweruke, ena ofunda chifukwa cha kuzizira. Sabata yachiwiri ndinafika pa supuni yathunthu, ndipo ndinawonjezera theka la peyala kapena mbatata yophika ndi khungu lake, zimene zimabweretsa magalamu angapo a faiba popanda mpweya wambiri. Nyemba zinabwerera sabata yachitatu, chipande chimodzi chokha pa tsiku, zonyika usiku wonse, madzi onyikirawo atatayidwa, ndiponso zophikidwa mpaka kufewa ndithu. Mpweya unawonjezekako masiku oyambirira, koma pofika sabata yachisanu unali wamba, ndipo ndinkadya kapu yathunthu, imene payokha imapereka mapuloteni pafupifupi magalamu 15 ndi faiba yoposa magalamu 10. Sindinabwererenso ku masupuni awiri. Supuni imodzi pamodzi ndi usipa, mazira, nyemba ndi mtedza zimandifikitsa pafupi ndi magalamu 115 aja, ndipo ndimazigawa pa zakudya zitatu kapena zinayi m'malo mozikhuthulira m'mimba nthawi imodzi.

Muyezo umene ndinkatsata sunali sikelo koma chimbudzi. Chikamatuluka tsiku lililonse kapena kulumpha tsiku limodzi, chofewa, chachitali, popanda kudzikakamiza, ndinkadziwa kuti ndikhoza kuwonjezera. Chikabwerera ku timibulu, ndinkaima pomwepo n'kuwonjezera madzi. Pali kanthu kenanso kakang'ono kokhudza ufawu: ukaugwedeza m'botolo umachita thovu lambiri, ndipo munthu akaumwa mothamanga amameza mpweya n'kumageya mpaka masana. Ndimausiya mphindi zisanu thovu litsike.

Pa zosakaniza, chigubu changa chinalibe sobitolo kapena malititolo, zotsekemeretsa zimene zimafufumitsa mimba ndi kutsegula m'mimba anthu ambiri, komanso chinalibe inulini, faiba imene ena amathira mu ufa wotere ndipo imawira msanga m'matumbo. Wogula aziwerenga mndandanda wa zosakaniza asanapereke ndalama, chifukwa zigubu zooneka zofanana pa shelefu zimasiyana pamenepa. Amene ufa wa konsentireti ukumuvutabe ngakhale m'madzi okha ayese wa aisoleti, umene lakitozi wake ndi wochepa kwambiri, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Munthu wodwala impso asakweze mapuloteni asanaonane ndi dokotala, ndipo kufufuma kobwera ndi magazi m'chimbudzi, kusanza, kuwonda kosadziwika bwino, kapena kosasintha patatha milungu ingapo chakudya chitakonzedwa, kumeneko n'kofunika kuchipatala, osati kusintha ufa.

Ndidzagulanso, koma chigubu chaching'ono cha kilogalamu imodzi, chifukwa pa supuni imodzi pa tsiku chimakwana mwezi wathunthu, ndipo chinyezi cha kuno chinachititsa kuti ufa wa pansi pa chigubu chachikulu uyambe kuumbika timibulu milungu iwiri yomaliza, ngakhale ndinkatseka bwino.