Kupeza sentiroidi ndi I wa chitsulo cha T: tebulo, kusuntha kamodzi, kuchotsera kapena AutoCAD?

Njira zonse zinayizi zimatulutsa yankho limodzi ngati munthu sanalakwitse paliponse. Kusiyana kwake kumaoneka pamene dzanja laterereka pang'ono, chifukwa njira ina imalekerera kalakwitso kakang'ono, pomwe ina imakakulitsa mpaka yankho kuonongeka. Apa ndi pamene ndikufuna tiziyerekeze, anzanga, ndipo tigwiritsa ntchito chitsulo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chitsulo chathu tikachidula chikuoneka ngati T. Fulanje, gawo lopingasa la pamwamba lija, ndi ya mamilimita 150 m'lifupi ndi 20 kuchindikala. Webu, mwendo woimirira, ndi ya mamilimita 20 kuchindikala ndi 100 kutalika, kuyeza kuchokera pansi kukafika pamene yakumana ndi fulanje. Msinkhu wonse ndi 120. Popeza kumanzere ndi kumanja n'kofanana, sentiroidi ili pa mzere wapakati woimirira. Chotsala n'kudziwa kuti ili pamsinkhu wanji, kenako n'kupeza I, momenti yachiwiri ya eliya, pa mzere wopingasa wodutsa pamenepo.

Tiyambe ndi ya tebulo, imene ambiri tinayamba kuphunzira. Timagawa T kukhala marekitango awiri. Fulanje ili ndi eliya ya 3,000 mm², ndipo pakati pake ndi mamilimita 110 kuchokera pansi. Webu ili ndi 2,000 mm², pakati pake pa 50. Tikachulukitsa eliya iliyonse ndi msinkhu wake n'kuphatikiza, tipeza 330,000 + 100,000 = 430,000, ndipo tikagawa ndi eliya yonse, 5,000, tipeza msinkhu wa sentiroidi, ȳ = 86. Sentiroidi ili mamilimita 86 kuchokera pansi, 34 kuchokera pamwamba, m'kati mwa webu koma pafupi ndi fulanje.

Tsopano rekitango iliyonse imapereka zinthu ziwiri: I wake wa pa sentiroidi yakeyake, bh³/12, ndi chowonjezera chobwera chifukwa chotalikirana ndi sentiroidi ya T yonse, Ad², pamene A ndi eliya ya rekitangoyo ndipo d ndi mtunda wa pakati pa masentiroidi awiriwo. Ili ndi lamulo la mizere yoyendera limodzi, limene ena amalitchula ndi dzina la Steiner. Fulanje ikupereka 100,000 payokha, ndipo d wake ndi 110 − 86 = 24, choncho Ad² = 1,728,000. Webu ikupereka 1,666,667 payokha, d wake ndi 36, Ad² = 2,592,000. Zonse pamodzi, I = 6,086,667 mm⁴.

Taonani fulanjeyo. Payokha ndi kachitsulo kopyapyala kopereka 100,000 basi, koma chifukwa chokhala patali ikupereka zoposa pamenepo kakhumi ndi kasanu n'kawiri. Ichi ndi chimene ndimakondera tebulo: limakuonetsa kumene kulimba kwa bimu kukuchokera. Munthu amene waiwala Ad² amapeza 1,766,667, zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a yankho lenileni. Tebulo lilinso ndi podziyesera pamene ambiri sagwiritsa ntchito. Ad wa pamwamba ayenera kufanana ndi Ad wa pansi: 3,000 × 24 ndi 72,000, ndipo 2,000 × 36 ndi 72,000. Zikasiyana, ȳ ndi wolakwika, musapitirire.

Njira yachiwiri ndi yosuntha kamodzi, ndipo ndi yachangu kwambiri papepala. M'malo mosuntha rekitango iliyonse, timasankha mzere umene marekitango onse awiri akuukhudza ndi m'mphepete mwawo. Pa T, mzerewu ndi pamene fulanje yakumana ndi webu. I wa rekitango pa mzere wa m'mphepete mwake ndi bh³/3, choncho fulanje ikupereka 400,000, webu 6,666,667, pamodzi 7,066,667. Sentiroidi ili mamilimita 14 kunsi kwa mzerewu, ndiye timachotsa 5,000 × 14² = 980,000. Chotsala ndi 6,086,667, chimodzimodzi. Mizere itatu ya masamu, yatha. Chofunika kukumbukira n'chakuti pano timachotsa, sitiphatikiza, chifukwa tikupita ku sentiroidi, ndipo mwa mizere yonse yopingasa, wodutsa pa sentiroidi ndiwo uli ndi I wochepetsetsa. Yankho likaposa 7,066,667, dziwani kuti mwasokoneza chizindikiro.

Yachitatu ndi yochotsera. Timajambula rekitango yaikulu ya 150 ndi 120 yozinga T yense, n'kuchotsa mipata iwiri ya m'mbali mwa webu, uliwonse wa 65 ndi 100. Popeza mipatayi ili pamsinkhu umodzi, tingaitenge ngati mpata umodzi wa 130 ndi 100. Rekitango yaikulu ndi mpatawo zonse zakhazikika pansi, ndiye bh³/3 ikugwiranso: 86,400,000 − 43,333,333 = 43,066,667 pa mzere wa pansi. Kuchotsa 5,000 × 86² = 36,980,000, tabwereranso pa 6,086,667.

Mayankho afanana, ndiye vuto lili pati? Manambala athuwa ndawasankha kuti ȳ atuluke wopanda zotsala. Pa ntchito yeniyeni sizikhala choncho. Munthu amafupikitsa nambala, kapena kuikopera molakwika kuchokera pa kakyuleta. Tiyerekeze kuti walemba 85.5 m'malo mwa 86, kuphonya ndi theka la milimita. Pa tebulo, d wa fulanje akhala 24.5, wa webu 35.5, wina wakula, wina wachepa, ndipo I wakwera ndi 1,250 yokha, imene sikwana n'komwe 0.03 peresenti. Pa njira yosuntha kuchokera polumikizira, 14 asanduka 14.5, ndipo yankho latsika ndi 71,250, kupitirira pang'ono 1 peresenti. Pa yochotsera kuchokera pansi, yankho lakwera ndi 428,750, pafupifupi 7 peresenti, ndipo lalakwira mbali yoopsa, chifukwa likunena kuti bimu ndi yolimba kuposa mmene ilili.

Chifukwa chake n'chomveka. Tebulo limawerengera I pa mzere umene mwauganizira kuti ndi wa sentiroidi, ndipo mukauphonya ndi kamtunda e, cholakwika ndi Ae² chabe. Njira zosuntha kamodzi zimachotsa Aȳ², ȳ woyezedwa kuchokera pa mzere woyambira, ndipo kuphonya kwanu kumachulukitsidwa ndi 2Aȳ. Mzere woyambira ukakhala kutali ndi sentiroidi, cholakwika chimakula. Pa njira yachitatu tikuchotsa mamiliyoni 37 ku mamiliyoni 43 kuti titsale ndi 6; zili ngati kupeza kulemera kwa thumba la chimanga poyeza galimoto ili ndi thumbalo kenako ilibe. Sikelo ikaphonya pang'ono pa galimoto, pa thumba yaphonya kwambiri.

Yochotsera ilinso ndi msampha wina. Mukafuna I wa pa mzere woimirira, mipata iwiri ija simungaiphatikize, chifukwa uliwonse uli mbali yake, kutali ndi mzere wapakati. Woiphatikiza amapeza 15,441,667. Yankho loona limabwera mosavuta pophatikiza marekitango awiri aja, popanda Ad² aliyense chifukwa onse ali pa mzere wapakati: 5,625,000 + 66,667 = 5,691,667 mm⁴. Pa chitsulo cha bokosi kapena paipi njira yochotsera ndi yabwino zedi, popeza mpata ndi chozinga zili ndi sentiroidi imodzi. Pa T ine sindiilimbikitsa.

Nanga kompyuta? Mu AutoCAD mumajambula T ndi mzere wotsekeka, kenako:

```
REGION
MASSPROP
```

Pomwepo imatulutsa eliya, sentiroidi ndi mamomenti. Ubwino wake waukulu umaoneka pa chitsulo cha kufakitale, chimene m'makona ake amkati muli mokhota, ndipo nthawi zina fulanje yake imapyapyala kumapeto. Kuwerengera zimenezo pamanja n'kotopetsa. Koma werengani bwino chimene chalembedwa pa sikirini. Manambala a pa `Moments of inertia` ndi a pa mizere ya X ndi Y ya `UCS` imene mukugwiritsa ntchito, osati pa sentiroidi. Ngati pansi pa webu pagona pa mzere wa X, mupeza 43,066,667 uja, woposa woyenera kasanu n'kawiri, ndipo ngati T mwamujambula kutali ndi poyambira, nambalayo imakhala yopanda tanthauzo pa ntchito yanu. Ofunika ali pa `Principal moments and X-Y directions about centroid`, kapena musunthe `UCS` kuti ikhale pa sentiroidi n'kubwereza lamulolo. Kumenekonso samalani, chifukwa T wathu ali ndi 6,086,667 mbali ina ndi 5,691,667 mbali inayo. Ndi oyandikana moti munthu akhoza kutenga wolakwika osadabwa konse. Onani kumene mzere wa nambala iliyonse waloza. Mapulogalamu otere sadziwanso ngati mwajambula mu mamilimita kapena masentimita, ndipo pa I kusiyanako ndi ka 10,000: yankho lathu ndi 608.7 cm⁴.

Pali cholakwika chimodzi chimene tebulo ngakhale njira yosuntha kamodzi sizingakutetezeni: kutenga webu ngati ya 120, msinkhu wonse, pomwe fulanje mwaiwerengera kale. Kachigawo ka 20 ndi 20 kamalowa kawiri, eliya n'kukhala 5,400. Kuyesa kwa Ad kuja sikungagwire zimenezi, chifukwa masamu ake amagwirizanabe, kungoti ndi a chinthu china. Chogwira n'kuphatikiza misinkhu musanayambe: 20 ndi 100 zikwane 120.

Kwa ine, tebulo ndiyo njira yodalira pa mayeso ndi pa mawerengero okaonedwa ndi injiniya wina, chifukwa nambala iliyonse ili poyera ndipo silivutika ndi ȳ wofupikitsidwa. Yosuntha kuchokera polumikizira ndi yotsimikizira: imadutsa m'manambala ena, ndiye zikagwirizana mtima umakhala pansi. AutoCAD ndi ya maonekedwe okhotakhota, koma yankho lake liyesedwe ndi T wa makona owongoka papepala.

Mukapeza I musataye ȳ. Bimu yathu ikapindidwa ndi momenti ya 10 kN·m, σ = My/I ikupereka pafupifupi 141 MPa kunsi kwa webu, pa mtunda wa 86, koma 56 MPa yokha pamwamba pa fulanje, pa mtunda wa 34. Wogwiritsa ntchito theka la msinkhu, 60, monga timachitira pa chitsulo chofanana pamwamba ndi pansi, apeza 99 MPa n'kuganiza kuti kunsi kuli bwino. Zonsezi zikugwira pa T wa chinthu chimodzi, monga chitsulo chokhachokha. Pa bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, konkire ya mbali yokokedwa ikang'aluka siwerengedwanso, ndipo eliya ya zitsulozo imayamba yachulukitsidwa ndi Es/Ec, modyulasi ya chitsulo kugawa ndi ya konkire, isanalowe m'tebulo.