Ndemanga: mafunso oyeserera a Situational Judgement a UCAT amene ndinalipirira mwana wanga

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Britain, ndipo ndinalipira miyezi itatu pa webusaiti ina yogulitsa mafunso oyeserera a UCAT kuti mwana wanga wamkazi akonzekere mayeso olowera sukulu ya udokotala. Zigawo za masamu ndi zowerenga ndinangomusiyira yekha. Chimene ndinakhala naye pansi nthawi zambiri ndi chigawo chotsiriza, cha Situational Judgement, choncho ndemanga yanga ndi ya chigawo chimenechi basi.

Kwa makolo amene simunachionepo, chigawochi sichifunsa za mankhwala kapena matenda. Mwana amawerenga kankhani kakafupi ka zochitika m'chipatala kapena kusukulu ya udokotala, kenako amaweruza ngati zimene munthu wa m'nkhaniyo akufuna kuchita zili zoyenera. Mafunso alipo 69 ndipo nthawi ndi mphindi 26, kutanthauza kuti funso lililonse lili ndi masekondi 22 kapena 23, kuphatikizapo kuwerenga nkhaniyo. Zotsatira zake sizibwera ngati malikisi wamba, zimabwera m'magulu anayi, kuyambira Band 1 amene ali pamwamba mpaka Band 4. Pali mayunivesite ena amene mwana akapeza Band 4 sayang'ananso fomu yake, ngakhale atakhoza bwanji zigawo zinazo. Mayesowa amalembedwa kamodzi kokha pachaka, cha pakati pa Julaye ndi Sepitembala, ndipo mafomu a udokotala ku UCAS, bungwe lolandira mafomu olowera mayunivesite a ku Britain, amatsekedwa pa 15 Okutobala. Akaphonya, ndiye kuti adikira chaka chamawa.

Chimene ndinagula kwenikweni si kuchuluka kwa mafunso, ngakhale otsatsa malondawo amanyadira chimenecho. Ndalama yanga inabwerera pa kafotokozedwe kamene kamabwera pansi pa yankho lililonse. Ndipereke chitsanzo chimodzi chimene tinakanganapo kunyumba, ndichifotokoze m'mawu anga.

Wophunzira udokotala akuyenda ndi dokotala wamkulu kuona odwala mu wodi. Dokotalayo wangomaliza kupima wodwala wotsegula m'mimba, ndipo akulunjika kwa wina amene ali ndi bala la opaleshoni, osasamba m'manja. Pansi pake pamabwera zochita zingapo, ndipo chilichonse mwana amachiika pa amodzi mwa mayankho anayi amene amaoneka pakompyuta motere: A very appropriate thing to do; Appropriate, but not ideal; Inappropriate, but not awful; A very inappropriate thing to do. Awiri oyambawo akuti chochitacho n'choyenera, kwathunthu kapena mopereweza. Awiri enawo akuti n'chosayenera, pang'ono kapena kwambiri.

Chochita choyamba chinali chakuti wophunzirayo amukumbutse dokotalayo motsitsa mawu asanakhudze balalo. Mwana wanga anati n'chosayenera pang'ono. Nditamufunsa chifukwa, anandiyankha kuti, "Amayi, ine mwana wasukulu ndingawauze bwanji adokotala aakulu kuti akasambe m'manja? Si mwano umenewo?" Ndinamumvetsa, pakuti ndine ndinamulera choncho. Kwathu mwana sadzudzula wamkulu, amadikira kapena amatuma wina. Koma webusaitiyo inati chochita chimenechi n'choyenera kwathunthu, ndipo inafotokoza bwino. Wodwala wa bala uja angatenge matenda mphindi yomweyo, wophunzirayo ndiye amene waona, ndipo kulankhula motsitsa mawu kukuteteza wodwala popanda kumuchititsa manyazi dokotala. Ulemu ulipo ndithu, koma uli m'kalankhulidwe, osati m'kukhala chete.

Chochita chachiwiri chinali kukhala chete kenako n'kukauza namwino woyang'anira wodi akamaliza kuona odwala onse. Mwana wanga anachiika pamwamba penipeni. Webusaitiyo inachitsitsa, chifukwa pofika nthawi imeneyo balalo lakhudzidwa kale. Sichinaikidwe pansi penipeni popeza nkhaniyo ikufikabe kwa munthu woyenera ndipo odwala amawa angatetezeke. Chachitatu chinali kumudzudzula dokotalayo mokweza odwala akumva, chimene chili chosayenera chifukwa chimachotsa chikhulupiriro cha odwala pa amene akuwathandiza pamene njira yofatsa inalipo. Chachinayi, kulemba nkhaniyo pagulu la WhatsApp la ophunzira anzake, chinali pansi penipeni: sichithandiza wodwala aliyense, chikungoipitsa mbiri ya munthu.

Nkhani yomweyo inabweranso ndi mtundu wina wa funso, wofunsa kufunika kwa mfundo. Imodzi inali yakuti dokotala wamkuluyo ndi amene adzalembe lipoti la wophunzirayo pamapeto pa maphunziro a mu wodiyo. Mwana wanga anati mfundoyi ndi yofunika, ndipo kunena zoona m'moyo weniweni aliyense amaiganizira. Koma funso silikufunsa zimene munthu angaope, likufunsa zimene ayenera kuziwerengera posankha chochita. Yankho linali Not important at all, kutanthauza yosafunika ngakhale pang'ono. Zokomera iwe mwini, monga lipoti, ubwenzi kapena kuopa kudedwa, pafupifupi nthawi zonse zimagwera pansi pamenepo zikayang'anizana ndi chitetezo cha wodwala.

Apa ndi pamene ndikuyamikira webusaitiyi ndi mtima wonse. Ana athu oleredwa mwa Chimalawi amalakwitsa mafunsowa mbali imodzi: amasankha kudikira, kutuma wina, kapena kuphimbira mnzawo. Si kuti khalidwe lawo ndi loipa, n'chifukwa cha ulemu umene tinawaphunzitsa. Webusaitiyo imasonkhanitsa mafunso amene mwana walakwa m'mitu yake, monga chinsinsi cha wodwala, kunena zoona, kugwira ntchito ndi anzako, ndi kudziwa pamene luso lako lalekezera. Titayang'ana tinaona kuti za chinsinsi ankakhoza pafupifupi zonse, koma zolankhula kwa wamkulu ndi zoneneza mnzake wolemba dzina la wina m'kaundula wa opezeka m'kalasi ndi zimene zinkamugwetsa. Tikanangowerenga malikisi onse pamodzi sitikanadziwa pogwira.

Chinanso chimene anachita bwino n'chakuti mafotokozedwe ambiri amaloza ku Good medical practice, malangizo a bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council, amene mtundu wake watsopano unayamba kugwira ntchito pa 30 Januwale 2024. Malangizowa ndi aulere pa intaneti ndipo si aatali. Ndikulangiza kuti mwana awawerenge asanayambe mafunso. Akatero amaona kuti mayankho sachokera m'mutu mwa wolemba mafunso ayi: wodwala amabwera poyamba, cholakwa chimaululidwa n'kupepesa, wophunzira sachita ntchito imene sanaiphunzire ngakhale atatumidwa ndi wamkulu, ndipo vuto laling'ono umayamba walankhula ndi mwini wake usanalikweze kwa akuluakulu.

Tsopano zimene zinandichotsetsa nyenyezi imodzi.

Mayankho awiri apakati aja sakhazikika. Tinapeza mafunso awiri ofanana kwambiri, onse a wophunzira amene mnzake amabwera mochedwa mu wodi kawirikawiri. Pa lina, kukauza mphunzitsi usanalankhule ndi mnzakoyo kunali koyenera mopereweza. Pa linalo kunali kosayenera pang'ono, ndipo kafotokozedwe kake kanali ka mzere umodzi wosanena kusiyana kwake. Mwana wanga anakhumudwa mpaka anayamba kukayikira ngakhale mayankho amene ankawadziwa. Chimene chinatithandiza ndi kukumbukira kuti pa mayeso enieni, yankho loyandikira lolondola limapatsidwa gawo la malikisi. Choncho ndinamuuza kuti ayambe waweruza mbali, choyenera kapena chosayenera, kenako aone kukula kwake. Akapeza kuti iye ndi webusaiti asiyana ndi sitepe imodzi yokha, asataye nthawi. Akasiyana ndi masitepe awiri kapena atatu, pamenepo ndiye pali choti aphunzire, ndipo azilemba chifukwa chake m'kope. Mukaona kafotokozedwe kakafupi kosatchula mfundo iliyonse ya m'malangizo aja, dziwani kuti funsolo silinalembedwe mosamala.

Chachiwiri, webusaitiyo imalosera Band ya mwana akangoyankha timafunso tochepa. Tsiku lina imamuuza Band 1, mawa lake Band 3. Kulosera kotereku kulibe maziko, kumangosautsa mtima. Muyeso umene ndinaukhulupirira ndi mayeso oyeserera aulere a pa webusaiti ya UCAT yeniyeni, chifukwa amachokera kwa eni mayeso. Tinawasunga mpaka masabata otsiriza, ndipo kumene iwo ndi webusaiti yolipirayi ankasiyana maganizo, tinkatsata a UCAT.

Panalinso mafunso angapo amene sungayankhe popanda kudziwa mlingo wa mankhwala. Ine monga namwino ndinkawadziwa, koma mwana wa zaka 17 sangawadziwe, ndipo mayeso enieni safuna zimenezo. Amenewo muzingowadumpha. Komanso onetsetsani za malipiro, chifukwa miyezi itatu itatha anandidulanso ndalama okha. Anandibwezera nditawalembera, koma muzimitsiretu kudzilipira kokha tsiku limene mwagula.

Pa nkhani ya nthawi, webusaitiyi ili ndi wotchi yofanana ndi ya pamayeso, ndipo imathandiza ngati mwana akugwiritsa ntchito kompyuta osati foni. Chigawochi chimabwera pamapeto, mutu utatopa kale ndi zigawo zina, ndiye ndi bwino kuti nthawi zina aziyeserera atamaliza zinazo, osati m'mawa ali wamphamvu. Chizolowezi chimodzi chimene anatenga n'choyamba waona kuti munthu wa m'nkhaniyo ndi ndani. Chochita chomwecho chingakhale choyenera kwa dokotala koma chosayenera kwa wophunzira, mwachitsanzo kuuza wodwala zotsatira za magazi ake. Chinanso n'choweruza chochita chilichonse pachokha, osachitenga ngati ndi chokhacho chimene munthuyo achite. Kupepesa kwa wodwala amene wadikira nthawi yaitali sikuthetsa vuto lonse, koma n'koyenerabe kwathunthu. Mwana wanga anapeza Band 2 pa mayeso enieni.

Kwa amene mwana wanu akufuna unamwino, dziwani kuti sadzalemba UCAT, choncho musalipire mtengo wonsewu. Nkhani zofanana ndi zimenezi amakumana nazo pa intavyu, koma kumeneko amafunika kulankhula ndi kufotokoza chifukwa chake, osati kusankha yankho pakompyuta. Mwana wa mchemwali wanga anagwiritsa ntchito mafunso aulere a UCAT aja, ine n'kumamuwerengera nkhani iye n'kumayankha pakamwa, titaika pafupi nafe malamulo a anamwino a Nursing and Midwifery Council, otchedwa The Code. Kwa ofuna udokotala kapena udokotala wa mano, mwezi umodzi kapena iwiri ya webusaiti yolipira ndi yokwanira pa chigawochi, bola pakhale munthu wamkulu womufunsa mwanayo chifukwa chimene wasankhira yankho asanaone kafotokozedwe.