Inivoisi ya gawo ndi gawo kapena kuyeza ntchito mwezi uliwonse: iti imayenda bwino pakakhala ritenshoni?

Ntchito yomanga ya miyezi 8 palibe kontirakitala amene angaigwire ndi ndalama za m'thumba mwake mpaka kumapeto, komanso palibe mwini ntchito amene angatulutse ndalama zonse maziko asanakumbidwe. N'chifukwa chake malipiro amabwera pang'onopang'ono, ndipo njira zake zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba, ntchito imadulidwa m'magawo ndipo inivoisi imalembedwa gawo likatha. Yachiwiri, kumapeto kwa mwezi uliwonse ntchito imene yachitika imayezedwa, n'kulipiritsa imeneyo. Pa njira zonsezi mwini ntchito amatsaza kachigawo ka ndalama ngati chikole, chimene amachitcha ritenshoni, kuti china chikadzapezeka cholakwika womanga adzabwerenso kudzakonza. Ndalembapo mainivoisi a mitundu yonse iwiri, ndipo ndaona kuti kusiyana kwake kwenikweni kuli pa funso ili: pakati pa malipiro awiri, ndani akunyamula ntchitoyo ndi ndalama zake?

Tiyerekeze kuti nyumba yonse mwagwirizana pa 20,000,000, m'ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito. Mwaidula motere: maziko mpaka silabu 4,000,000, makoma mpaka pokhala denga 5,000,000, denga 4,000,000, pulasitala pamodzi ndi mawaya a magetsi ndi mapaipi 5,000,000, ndipo zomalizira monga penti ndi zitseko 2,000,000. Ritenshoni ndi 10 peresenti ya ntchito imene yachitika, koma isapitirire 5 peresenti ya mtengo wonse, kutanthauza 1,000,000. Mgwirizano wotere ndi wofala, ngakhale ena amangodula 5 peresenti kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto.

Silabu ikathiridwa njira ziwirizi zimapereka yankho limodzi. Ntchito ya 4,000,000 yatha, chikole ndi 400,000, womanga alandira 3,600,000. Zimayamba kusiyana makoma akayamba kukwera.

Tinene kuti mwezi wotsatira watha makoma ali pa 60 peresenti. Pa njira yoyeza, woyeza ntchito amabwera ndi tepi, n'kupeza kuti makoma amene aima ndi a 3,000,000. Ntchito yonse kuyambira pachiyambi yafika 7,000,000, chikole chake 700,000, yotsala 6,300,000. Tikachotsa 3,600,000 imene inaperekedwa kale, womanga alandira 2,700,000 ndipo akhoza kulipira amisiri ndi kugula simenti ina. Pa njira ya magawo mwezi umenewo salandira kanthu. Njerwa, simenti ndi malipiro a anthu za makoma amenewo zonse zatuluka m'thumba mwake, ndipo adikira mpaka mzere womaliza wa njerwa uikidwe. Ngati mvula yavuta kapena zitsulo zachedwa kufika, kudikirako kumatalika, ndipo apa m'pamene makontirakitala ang'onoang'ono amayamba kukongola kapena kuchepetsa antchito, ntchito n'kuchedweranso.

Kwa mwini ntchito zinthu zili mosiyana. Njira ya magawo imamupatsa mtendere chifukwa chimene akulipira amachiona ndi maso. Safunika katswiri kuti amuuze kuti denga lafoleredwa. Amadziwiratunso kuti adzatulutsa ndalama kangati ndipo ulendo uliwonse zingati, zomwe zimathandiza ngati ndalamazo ndi za ngongole yotuluka m'zigawo. Njira yoyeza imafuna zinthu ziwiri zimene ntchito yaing'ono kawirikawiri ilibe: ndandanda ya kuchuluka kwa ntchito iliyonse ndi mtengo wake, monga mamita a khoma ndi mtengo wa mita imodzi, komanso munthu wodalirika kwa mbali zonse woti ayeze n'kusainira. Popanda zimenezi, "60 peresenti" imasanduka nambala yongoganizira. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ntchito imathamanga papepala kufika 90 peresenti, kenako imakhala pomwepo miyezi itatu. Zikatero dziwani kuti miyezi yoyambirira womanga analipidwa zoposa zimene anagwira, ndipo tsopano akumaliza ntchito imene ndalama zake zinadyedwa kale.

Komabe musaganize kuti kuyeza mwezi ndi mwezi ndiye kuti ndalama zimalowa mwezi womwewo. M'mgwirizano wa FIDIC wa buku lofiira wa 1999, umene umagwiritsidwa ntchito pa zomanga zikuluzikulu m'mayiko ambiri, injiniya ali ndi masiku 28 kuti atulutse satifiketi ya malipiro atalandira pempho la womanga, ndipo mwini ntchito ali ndi masiku 56 kuchokera tsiku limene injiniya analandira pempholo kuti alipire. Ntchito ya mu Januwale ikhoza kulipidwa kumapeto kwa Malichi popanda wina kuphwanya pangano. Poyerekeza njira ziwirizi, werengani masiku ochokera pamene mwagula zipangizo kufika pamene ndalama zalowa ku banki, osati pamene inivoisi yalembedwa.

Vuto lalikulu la njira ya magawo lili m'mawu. Pa ntchito ina pangano linangolembedwa kuti "denga likatha". Malata onse anakhomedwa, tinatumiza inivoisi, koma mwini nyumba anakana. Anatitengera kuseri kwa nyumbayo, n'kuloza m'mwamba mmene nsonga za matabwa zinkaonekera, nati, "Bambo, denga ili latha bwanji matabwa a m'mphepete kulibe, ngalande za madzi kulibe?" Ife tinkaona kuti zimenezo n'za gawo lomalizira. Palibe ankanama, pangano ndilo silinanene. Ndalama za gawo lonse zinaima milungu itatu chifukwa cha ntchito ya masiku awiri. Kuyambira pamenepo gawo lililonse ndimalilemba ndi zimene zili mkati ndi zimene zili kunja, ndi dzina la udindo wa amene adzavomereze kuti latha, ndi masiku amene ali nawo kuti abwere kudzaona. Pa njira yoyeza mkangano wotere sukula chonchi, chifukwa mukasiyana pa chinthu chimodzi, chimenecho chokha ndicho chimatsala, zina zonse zimalipidwa.

Yang'aninso mtengo umene waikidwa pa gawo lililonse. Womanga wochenjera amakweza magawo oyambirira, maziko a 4,000,000 n'kuwalemba 6,000,000, kuti apeze ndalama zoyendetsera ntchito. Chimene amafuna n'chomveka, koma akathawa pakati, ndalama zotsala sizingakwanire kulipira wina kuti amalize, ndipo chikole cha 5 peresenti sichingatseke mpata umenewo. Ngati akufunikadi ndalama zoyambira, ndi bwino zilembedwe poyera ngati adivansi yokhala ndi chitsimikizo cha banki, yomabwezedwa pang'onopang'ono pa inivoisi iliyonse.

Tsopano kalembedwe ka inivoisiyo, komwe kali kofanana pa njira zonse ziwiri ndipo ambiri amalakwitsa. Inivoisi iziwerengera kuyambira tsiku loyamba la ntchito, osati gawo limodzi palokha: ntchito yonse imene yachitika, kuchotsa chikole chonse, kuchotsa zonse zimene zinalipiritsidwa kale. Tibwerere ku nyumba ija, pa njira ya magawo. Makoma atatha, ntchito yafika 9,000,000, chikole 900,000, yotsala 8,100,000, ndipo tikachotsa 3,600,000 womanga alandira 4,500,000. Denga likatha ntchito yafika 13,000,000. Apa 10 peresenti ikanakhala 1,300,000, koma malire aja ndi 1,000,000, choncho chikole chiima pamenepo. Yotsala ndi 12,000,000, kuchotsa 8,100,000, inivoisi yachitatu ndi 3,900,000. Amene amalemba gawo palokha amangotenga 4,000,000 n'kuchotsa 400,000, n'kulipiritsa 3,600,000. Wadzimana 300,000 osazindikira, ndipo pa inivoisi yachinayi adzadzimananso 500,000, pamene inayenera kukhala 5,000,000 yathunthu chifukwa chikole chinadzaza kale. Kalembedwe kowerengera kuyambira pachiyambi kali ndi ubwino winanso: muyeso wa mwezi watha ukakhala kuti unalakwika, inivoisi yotsatira imaukonza yokha. Ntchito yowonjezera imene mwini wapempha pakati ikhale ndi mzere wakewake pa inivoisi, ndi mtengo wosainirana isanayambe, makamaka pa njira ya magawo pomwe ilibe gawo loti ilowemo.

Ine ndimasankha motere. Ngati mapulani ndi omalizidwa, ntchito ndi ya miyezi yochepa ndipo palibe woyeza ntchito, magawo ndi abwino, bola adulidwe ang'onoang'ono kuti pasapite mwezi ndi theka womanga asanalandire kanthu. Makoma a 5,000,000 aja ndikanawagawa pawiri, mpaka pa mawindo ndi mpaka pokhala denga. Ngati ntchito ndi yaitali, kapena kuchuluka kwake sikungadziwike isanayambe, monga kukumba, misewu ndi ngalande, kuyeza ndiko kuli ndi chilungamo kwa onse, ndipo malipiro a woyeza ntchito musawaumire.

Za chikolecho palinso kusankha. Mwini ntchito akhoza kusunga ndalama zenizeni, kapena kulandira m'malo mwake bondi, chikalata cha banki kapena cha kampani ya inshuwalansi cholonjeza kulipira ndalamazo womanga akalephera kukonza zolakwika, womanga n'kumalandira malipiro athunthu. Bondi imamasula 1,000,000 ija kuti igwire ntchito, komanso imateteza womanga ngati mwini ntchito atagwa pa bizinesi ndalamazo zili m'manja mwake. Koma ili ndi mtengo wake, banki imafuna chigwiriro, ndipo kontirakitala wamng'ono nthawi zina sachipeza. Kwa mwini ntchito, ndalama zimene ali nazo m'manja n'zosavuta kugwiritsa ntchito kusiyana ndi kukapempha ku banki ndi mapepala. Pa nyumba ngati yathuyi ndimaona kuti kusunga ndalama n'kokwanira, koma pa ntchito ya zaka ziwiri bondi ndi yoyenera kuifunsira mtengo.

Chikole chimabwezedwa kawiri. Tsiku limene mwini ntchito walandira nyumba ndi kusainira kuti ndi yoti n'kulowamo, theka limatuluka. Inivoisi yachisanu ikhala 20,000,000 kuchotsa 500,000, kuchotsa 17,000,000 yolipiritsidwa kale, kutsala 2,500,000. Theka linalo limadikira nthawi yokonza zolakwika, imene kawirikawiri imakhala miyezi 6 kapena 12, kuti ming'alu, kudontha kwa denga ndi zitseko zosatsekeka zionekere ndi kukonzedwa. Ndalama yomalizayi ndi imene imasowa kwambiri, nthawi zambiri osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa tsiku lolandira nyumba silinalembedwe paliponse, ndiye palibe akudziwa kuti miyeziyo inayamba liti. Pepala lolandirira ntchito likhale ndi deti ndi masiginecha a mbali zonse, ndipo m'mabuku anu 500,000 imeneyo ikhale pamzere wake wa ritenshoni ndi tsiku limene idzakhwime, osaisakaniza ndi ngongole zina za makasitomala. Kutatsala mwezi umodzi kuti nthawiyo ithe, lemberani mwini nyumba kuti muyendere limodzi chipinda ndi chipinda, mulembe zofunika kukonza, muzikonze, kenako mutumize inivoisi yachisanu ndi chimodzi.