Galimoto ya ku Japan: kugula pa FOB kapena CIF?

Tinene kuti mwaona Toyota Vitz ya madola 1,500. Ukakhala mtengo wa FOB, ndalamazo zangofikitsa galimoto m'sitima ku Japan. Sitima ndi inshuwalansi mudzalipira panokha. Wa CIF umaoneka wokwera, mwina 2,800, chifukwa zonsezo zili momwemo, koma yang'anitsitsani doko lomwe lalembedwa. CIF Dar es Salaam ikuthera pa doko pomwepo, osati pano pa Mangochi.

Ine ndimasankha CIF, chifukwa zobisika zimachepa. Komabe zolipira zotsala ndi zambiri: ejenti wa pa doko, dalaivala ndi mafuta mpaka pa malire a Songwe, kenako msonkho. Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata. MRA imayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo yokalamba ya injini yaikulu msonkho wake umaluma. Kugula pa FOB sikuchepetsa msonkho ayi.

Funsani ejenti msonkho musanatumize ndalama. Mlamu wanga sanafunse, galimoto inakhala pa Songwe masabata atatu, iye akuthamangathamanga pa Boma kusaka ngongole.